Kalata yothokoza ndi kufotokoza momwe ndalama za nyumba ya mkombaphala zayendera, Julaye 2023 mpaka Epulo 2024

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye, inu amene munadzatichezera mu Julaye 2023, ndi inu nonse a ku America amene munasonkha ndalama osafika kuno,

Landirani moni wochokera ku komiti ya zomanga ya mpingo wathu kuno ku Dedza. Nyumba ya mkombaphala yatha ndipo ana ayamba kuphunziriramo. Zikomo kwambiri chifukwa cha $12,000 zomangira ndi $400 za phala. Tasanja kalatayi motsata miyezi kuti muone ndalama iliyonse tsiku limene inalowa, mtengo umene inasinthidwira, ndi chimene inagula. Yachichewayi yawerengedwa pamaso pa mpingo, ndipo yachingerezi imene mwalandira ili ndi manambala omwewa, palibe yosintha ngakhale imodzi. Taiikanso poyera kuti makomiti a mipingo ina amene akulandira thandizo lakunja aone pamene ndalama zimavutira kuzilondoloza.

Julaye 2023: pulani, ngalande za maziko ndi ndalama zapamanja

Tinagwirizana nyumba ya zipinda ziwiri zophunziriramo ndi kachipinda kosungiramo katundu, yotalika mamita 16, m'lifupi mamita 6.5, ya khonde la mita imodzi ndi theka, komanso chimbudzi cha maenje awiri. Bajeti inali K12,600,000, powerengera dola imodzi pa K1,050. Sungani nambala imeneyi m'mutu chifukwa tidzabwereranso kwa iyo. Kalata ya a mfumu yotsimikiza kuti malowo ndi a mpingo inasainidwa khasu lisanagwe pansi, ndipo kope lake lili m'faelo.

Gulu lanu linakumba ngalande za maziko pamodzi ndi achinyamata a mpingo. Ntchito imeneyo inatipulumutsira ndalama ya aganyu. Mmisiri atabwera kudzayeza, anapeza kuti ngodya imodzi ya kumbuyo inapatuka ndi masentimita 15, chifukwa chikhomo chimodzi chinasunthika pokumba ndipo chingwe chinangotsatira. Njira yoyezera ndi yosavuta: kuchokera pangodya, mamita 3 mbali imodzi, mamita 4 mbali inayo, pakati pa nsonga ziwirizo papezeke mamita 5 ndendende. Ngalande ya mbali imeneyo inakulitsidwa tsiku limodzi ndi anthu a mpingo, popanda kulipira aliyense. Tikunena izi kuti magulu obwera mtsogolo azikumba mmisiri ali pomwepo.

Ponyamuka munasiya $400 zapamanja, mutanena kuti ndi za phala la ana. Ndalama zapamanja ndizo zimayambitsa manong'onong'o msanga, chifukwa zilibe pepala lozitsata. Choncho zinawerengedwa pamaso pa anthu atatu, mtsogoleri wa gulu lanu anasaina lisiti, ndipo zinasinthidwa kubanki pa K1,060, kukhala K424,000. Ena anatiuza kuti kwa osintha ndalama a m'misewu tikanapeza zambiri. Zoona, koma kumeneko ndi kuphwanya lamulo, ndipo sapereka pepala loti inu mukaonetse kwa amene anasonkha.

Za phalazi zili ndi tsamba lakelake m'buku ndipo sizinasakanizidwe ndi zomangira. Tinagula matumba 8 a chimanga a makilogalamu 50 pa K32,000 thumba, matumba 2 a soya pa K40,000, kuchigayo kunapita K28,000, shuga ndi mchere K60,000. Zonse K424,000, palibe yotsala. Kasakanizidwe ndi ka Likuni Phala, magawo anayi a chimanga ndi gawo limodzi la soya wokazinga. Amayi ophika ankagayitsa pang'onopang'ono, chifukwa ufa wa soya sukhalitsa.

Ogasiti 2023: gawo loyamba la ndalama lafika

Munatumiza $7,000. Kubanki yathu kunafika $6,955. Madola 45 anadulidwa ndi mabanki a panjira ndalama isanafike ku Malawi, ndipo sitetimenti yathu siwaonetsa n'komwe. Amadziwika pofananiza pepala lanu lotumizira ndi pepala lathu lolandirira. N'chifukwa chake timakupemphani pepala lanu nthawi iliyonse. Banki inasintha pa K1,085, ndipo mu akaunti munalowa K7,546,175.

Akaunti imeneyi ndi ya zomanga zokha, yosiyana ndi ya zopereka za Lamulungu. Osaina ndi atatu, ndipo ndalama imatuluka awiri akasaina. Wokagula katundu si amene amalemba m'buku, ndipo wolandira katundu pamalo omangira ndi munthu winanso, amene amawerenga matumba akamatsika m'galimoto. Chinthu chilichonse choposa K200,000 chinali ndi makotesheni atatu tisanagule. Si kuti sitikhulupirirana. Dongosolo lotere limateteza msungichuma, amene dzina lake ndilo limayamba kutchulidwa anthu akayamba kukayika.

Ogasiti mpaka Seputembala 2023: mabuloko

Tinasankha mabuloko a simenti osati njerwa zootcha, potsatira malamulo a 2018 amene amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda. Buloko yathu ndi ya masentimita 40 m'litali, 20 msinkhu ndi 15 kunenepa. Mamita awiri a khoma m'litali ndi mita imodzi msinkhu amadya mabuloko 25, ndipo nyumba yonse, kuphatikizapo maziko ndi owonjezera poopa osweka, inafuna mabuloko 2,600. Tinagwirizana ndi oumba kuti thumba limodzi la simenti lizitulutsa mabuloko 32, pa malipiro a K90 buloko imodzi.

Apa ndipo panatayika ndalama koyamba. Masiku oyambirira oumba ankatulutsa mabuloko 45 pa thumba. Wolipidwa pa buloko amafuna mabuloko ambiri, ndipo njira yake ndi kuwonjezera mchenga. Poyang'ana sungadziwe. Zinadziwika patatha sabata: ukakanda ndi msomali buloko imagumuka ngati chigumu chouma, ukaigwetsa kuchokera pachifuwa imasweka zidutswa zambiri. Yabwino imangothothoka m'ngodya ndipo imalira ukaigogoda. Mabuloko 360 anakanidwa. Simenti yake inali matumba 8, K120,000. Oumba sanalipidwe pa mabuloko amenewo, koma simentiyo inapita, ndipo ili m'buku pansi pa mutu wa zotayika. Zibuma zake tinazithira pansi pa nyumba.

Kuchokera pamenepo mmodzi wa komiti ankatulutsa simenti m'mawa ndi kuwerenga mabuloko madzulo, ndipo matumba opanda kanthu ankabwezedwa kuti awerengedwe. Mabuloko ankafunditsidwa udzu ndi kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, ndipo sanamangidwe asanathe masabata atatu. Madzi onsewo anatunga ndi amayi a chigwirizano, m'nyengo imene pamjigo pamakhala mzere wautali.

Okutobala 2023: makoma afika pa lintala

Maziko anathiridwa konkire ya muyeso wa 1:3:6, ndiye kuti simenti imodzi, mchenga itatu, miyala ya kwale isanu ndi umodzi. Pamwamba pa maziko panayalidwa pulasitiki yakuda yotchinga chinyezi. Makoma atafika pamwamba pa mawindo tinathira lintala yozungulira nyumba yonse, ya zitsulo zinayi za mamilimita 12.

Pofika kumapeto kwa mwezi, gawo loyamba linali litayenda motere:

Simenti, matumba 174 pa K15,000: K2,610,000
Miyala ya kwale ndi galimoto yotuta mchenga: K620,000
Zitsulo, waya ndi pulasitiki: K540,000
Mafelemu 8 a mawindo ndi 3 a zitseko: K575,000
Oumba mabuloko: K234,000
Mmisiri, malipiro awiri oyamba: K900,000
Thiransipoti ya katundu: K150,000
Zodula za banki: K17,175

Zonse pamodzi K5,646,175. Mu akaunti munatsala K1,900,000, zimene tinasungira malata.

Pa K620,000 ija, K120,000 ilibe lisiti ya sitolo. Mwini galimoto yotuta mchenga kumudzi kuno alibe buku la malisiti. Pa zotere timalemba vocha yathu: tsiku, ntchito, maulendo a galimoto, nambala ya galimoto, ndalama m'manambala ndi m'mawu, kenako wolandira amasaina kapena kudinda chala, mboni ziwiri n'kusainanso. Tazilemba padera kuti musaganize kuti vocha ndi lisiti n'zofanana. Vocha ndi umboni wofooka poyerekeza ndi lisiti, ndipo komiti imene theka la ndalama zake lili pa mavocha iyenera kufunsidwa mafunso.

Malisiti a makina a MRA, aja oonetsa msonkho wa VAT, umene pa nthawiyo unali 16.5 peresenti, ali ndi vuto lawolawo: zolemba zake zimafufutika zikakhala potentha, ndipo patatha miyezi yochepa umatsala ndi kapepala koyera. Lisiti iliyonse tinkaijambula pa foni tsiku lomwelo, kenako kuipanga fotokope ndi kumata yeniyeniyo pambali pake. Iliyonse ili ndi nambala yofanana ndi mzere wake m'buku, kuti wofufuza asamavutike kusaka.

9 Novembala 2023: kwacha yagwa

Iyi ndiyo nkhani yaikulu m'kalata muno, ndipo tikupemphani muiwerenge modekha.

Banki Yaikulu ya Malawi inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti. Dola imene inkagulitsidwa pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Mafuta anatsatira pomwepo: petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 lita, dizilo pa K1,920 kufika pa K2,734. Masitolo ena a zomangira anayamba aimitsa kugulitsa kuti asinthe mitengo, ndipo makotesheni onse amene tinali nawo anasanduka mapepala chabe.

Denga lathu limafuna malata a IBR a geji 28. Lata limodzi likavundikirana ndi linzake limaphimba masentimita 68.6, ndiye pa utali wa mamita 16.6 pamafunika malata 25 mbali iliyonse. A kumbuyo ndi a mamita 4.2, a kutsogolo a mamita 5.4 chifukwa cha khonde. Onse pamodzi ndi mamita 240. Kotesheni ya mu Okutobala inali K7,500 pa mita, ndipo pamodzi ndi zophimbira pamsonga zinkakwana K1,900,000, ndalama yeniyeni imene tinasunga. Itagwa kwacha mtengo unafika pa K11,500 pa mita, ndipo denga lomwelo linafuna K2,920,000.

Palibe amene anatenga ndalama, koma ndalama inachepa ili mu akaunti momwemo. K1,900,000 ija inachokera ku madola pafupifupi 1,751 a ndalama zanu. Pa 9 Novembala inali yongokwana madola pafupifupi 1,118. Mphamvu ya madola oposa 630 inasungunuka.

Malatawo sanagulidwe mu Okutobala chifukwa panalibe malo otetezeka osungiramo malata a mamita 5.4, ndipo tinkadikira kuti makoma athe kuti kalipentala ayeze utali weniweni. Zifukwa zake zinali zomveka, koma poyerekeza ndi K1,020,000 yowonjezera, kulipira mlonda kwa mwezi umodzi kukanakhala kotchipa kwambiri. Kwa makomiti ena malangizo athu ndi awa: madola akangosinthidwa kukhala makwacha, yambani kugula zinthu zimene mtengo wake umatsata dola, monga malata, zitsulo, magalasi ndi maloko. Mchenga, miyala ndi aganyu zikhoza kudikira. Simenti yokha musaunjike, chifukwa ikakhala miyezi yoposa itatu, makamaka m'chinyezi, imayamba kuuma m'thumba. Kwa inu otumiza, kugawa ndalama m'magawo kunatipulumutsa: $12,000 yonse ikanabwera mu Ogasiti, ndalama zoposa theka lake zikanapezeka zili m'makwacha tsiku limeneli.

Novembala 2023: kupempha chilolezo chosintha bajeti

Titawerengeranso ndi mitengo yatsopano, zinaoneka kuti ndalama sizikwanira nyumba ndi chimbudzi zonse. Tinakulemberani tisanagule chilichonse, ndi njira ziwiri: kufolera ndi malata opyapyala a geji 32 kuti chimbudzi chitheke, kapena kusunga geji 28 ndi kuimitsa chimbudzi. Komiti inakonda yachiwiri, chifukwa malata opyapyala amapindika munthu akaponda pokhoma, ndipo mphepo ikawomba amang'ambika pa misomali. Munavomera polemba, ndipo yankho lanu tinalisindikiza n'kuliika m'faelo. Chilolezo cha pakamwa pa foni chimaiwalika, ndipo amene anachipereka akhoza kuchoka mu komiti yanu chaka chisanathe.

Mmisiri anapempha kuti malipiro ake akwere. Mgwirizano unali K1,800,000 ndipo tinamvana pa K2,000,000, zimenenso zinalembedwa ndi kusainidwa.

Mwezi womwewu kunabwera pempho loti mpingo ubwereke K300,000 ku akaunti ya zomanga pa vuto lina ladzidzidzi, kuti idzabwezedwe anthu akakolola. Komiti inakana, ndipo pempholo ndi yankho lake zili m'maminitsi. Ngongole zotere kawirikawiri zimakhala zoona mtima, koma zikabwezedwa mochedwa zimabwera zitachepa mphamvu, ndipo ndalama yoperekedwera denga si ya komiti kuti iibwereketse.

Disembala 2023: gawo lachiwiri ndi denga

Munatumiza $5,000, kunafika $4,955, ndipo banki inasintha pa K1,670, kukhala K8,274,850. Onani kuti banki imagula madola kwa ife pa mtengo wotsika kuposa umene imagulitsira. Mukaona K1,700 m'nyuzipepala, K1,670 pa pepala lathu, kusiyanako si ndalama yosowa.

Mvula inatipeza nyumba ili yosafolera. Matabwa a paini amene tinalandira koyamba anali aawisi. Thabwa laliwisi limalemera, limazizira m'manja, ndipo msomali ukalowa pamatuluka madzi. Likauma lili padenga limapotoka ndi kukoka malata, misomali n'kuyamba kudontha. Kalipentala anasankha matabwa onse limodzilimodzi, 14 anabwezedwa ndipo wogulitsa anasintha popanda kulipiritsa. Otsalawo anasanjidwa m'tchalitchi, timitengo pakati, kwa masabata awiri, kenako anapakidwa mankhwala a chiswe. Kudikirako kunachedwetsa ntchito, koma sikunadye ndalama.

Pokweza mathirasi kunapezeka kuti mbali ya kumbuyo, malamba achitsulo omangira denga ku khoma sanaikidwe m'malo anayi pothira lintala. Malamba amenewa ndiwo amagwira denga mphepo ikalowa pansi pa malata. Popanda iwo denga limanyamuka lonse ndi matabwa ake. Mmisiri anaboola khoma pansi pa lintala, anazunguliza malambawo kuzungulira lintalayo, n'kutsekanso ndi simenti. Anakonza ndi nthawi yake, ife tinangopereka theka la thumba la simenti. Nthawi yoyenera kuwerenga malamba ndi tsiku lothira konkire, isanathiridwe: thirasi iliyonse ikhale ndi lamba mbali zonse ziwiri.

Denga linatha Khirisimasi isanafike.

Januwale mpaka Malichi 2024: pansi, pulasitala ndi utoto

Miyezi imeneyi ntchito inayenda pang'onopang'ono chifukwa anthu anali kuminda, ndipo msewu wathu ukanyowa galimoto yolemera sifika. Simenti inagulidwa kawiri, matumba 50 ulendo uliwonse, ndi kusanjidwa pa matabwa, osakhudza pansi kapena khoma.

Gawo lachiwiri, pamodzi ndi K1,900,000 yotsala ija, linali K10,174,850, ndipo linayenda motere:

Malata ndi zophimbira pamsonga: K2,920,000
Matabwa, misomali, malamba ndi mankhwala a chiswe: K1,650,000
Simenti, matumba 100 pa K23,000: K2,300,000
Mmisiri: K900,000
Kalipentala: K420,000
Zitseko, maloko ndi magalasi: K560,000
Utoto ndi laimu: K480,000
Miyala ya kwale ndi thiransipoti: K520,000
Zodula za banki: K24,850

Zonse pamodzi K9,774,850. Mu akaunti mwatsala K400,000.

M'chipinda cha kum'mawa, pafupi ndi chitseko, pansi pachita mng'alu wotalika pafupifupi mamita awiri, ndipo ukagogoda pamalira ngati pali mphako. Pamenepo ndi pamene panathiridwa zibuma za mabuloko okanidwa aja, ndipo zikuoneka kuti sizinatsindiridwe mokwanira. Makoma alibe mng'alu, kutanthauza kuti maziko ali bwino. Kukonza kwake ndi kudula gawolo, kutsindiranso, ndi kuthira konkire yatsopano. Mu mgwirizano munali mfundo yoti 10 peresenti ya malipiro a mmisiri, K200,000, isungidwe miyezi isanu ndi umodzi nyumba itatha, kuti zolakwika zikaoneka abwere kudzakonza asanalandire. Wavomera kubwera mvula ikatheratu. Popanda ndalama yosungidwayi tikanangodalira ubwino wa mtima wake.

Epulo 2024: kuwerengera m'madola

Apa pali misampha iwiri, umodzi wa kuno ndi wina wa kwanuko.

Wa kuno ndi uwu. Bajeti inali K12,600,000, koma mu akaunti munalowa K15,821,025. Munthu womva manambala awiriwa m'tchalitchi afunsa kuti K3,221,025 yapamwambayo ili kuti, komanso chifukwa chiyani chimbudzi palibe. Funsolo ndi loyenera. Yankho lake ndi lakuti madola sanachuluke. Makwacha ndiwo anachuluka chifukwa kwacha inachepa mphamvu, ndipo mitengo inakwera nthawi yomweyo. Malata okha anadya K1,020,000 yowonjezera, matumba 100 a simenti K800,000, mmisiri K200,000, ndipo zotsalazo zinalowa m'matabwa, magalasi, utoto ndi thiransipoti. Powerenga kalatayi kumpingo tinalemba mitengo yakale ndi yatsopano pa bolodi, mbali ndi mbali.

Wa kwanuko ndi uwu. Zonse zimene tagwiritsa ntchito ndi K15,421,025. Msungichuma wanu akatenga nambala imeneyi ndi kuigawa ndi mtengo wa lero, umene kuyambira mu Malichi uli pa K1,751, apeza madola pafupifupi 8,807, ndipo aganiza kuti madola pafupifupi 2,900 asowa. Sanasowe. Kwacha iliyonse iyenera kubwezedwa ku dola pa mtengo umene inasinthidwira tsiku limene inalowa, osati wa tsiku lolemba lipoti. Makwacha a mu Ogasiti agawidwe ndi 1,085, a mu Disembala ndi 1,670, ndipo timatenga kuti ndalama yoyamba kulowa ndiyo yoyamba kutuluka. Mukatero zikhala motere: $6,955 ya gawo loyamba inatha yonse, pa $4,955 ya gawo lachiwiri patsala K400,000, imene ndi pafupifupi $240. Zogwiritsidwa ntchito ndi $11,670, zotsala $240, zodulidwa ndi mabanki a panjira $90. Pamodzi $12,000.

Mabuku anaunikidwa ndi akulu a mpingo awiri ochokera ku mpingo woyandikana nawo, amene sali mu komiti yathu. Anafananiza buku ndi sitetimenti ya banki mwezi ndi mwezi, lisiti ndi lisiti, ndipo anawerenga malata, mawindo ndi zitseko pa nyumbayo. Anapeza lisiti imodzi yosowa, ya misomali ya K38,000. Sitolo inatipatsa kope kuchokera m'buku lawo, ndipo talemba pamwamba pake kuti ndi kope. Lipoti lawo losainidwa lili m'gulu la mapepala amene tatumiza, pamodzi ndi masitetimenti onse, mapepala osinthira ndalama, ndi zithunzi za gawo lililonse la ntchito. Zithunzi zoonetsa nkhope za ana ndi zokhazo zimene makolo awo analola.

Zimene mpingo unapereka sizili m'manambala a pamwambawa, ndipo sitinaziike pa mtengo wa ndalama poopa kusokoneza masamu. Ndi malo, kukumba ndi kupakira mchenga kumtsinje, madzi onse, nsima ya amisiri masana aliwonse, ndi ulonda wa usiku umene amuna a mpingo ankasinthana malata atafika.

Katundu amene munabweretsa m'masutikesi, mabuku a zithunzi, zoseweretsa ndi mipira, analembedwa m'kaundula tsiku lomwe munamupereka ndipo ali m'kachipinda kosungira, makiyi ali ndi mphunzitsi wamkulu wa mkombaphala. Pali pempho limodzi pa nkhani ya mphatso. Ena mwa inu, chifukwa cha chifundo, munalonjeza thandizo kwa anthu paokha, monga fizi ya sukulu. Mawu oti "tidzaona" kuno amamveka ngati lonjezo, ndipo thandizo likapanda kufika anthu amaganiza kuti linafikira ku komiti n'kutsakamira komweko. Chonde, chilichonse chimene mwalonjeza kapena kutumiza kwa munthu payekha, dziwitsani abusa ndi mlembi wa komiti polemba, ngakhale ndalamayo isadzere kwa ife.

Zotsala

Pa K400,000 imene ili mu akaunti, K200,000 ndi ya mmisiri, ndipo adzalandira mu Seputembala akakonza pansi paja ndi komiti ikaona kuti mng'alu sunabwerere. K200,000 inayo ndi yanu, ndipo siigwiridwa mpaka mutayankha.

Chimbudzi ndicho chosowa chachikulu. Pakali pano ana akugwiritsa ntchito cha tchalitchi, chimene chili patali ndipo bowo lake ndi la akuluakulu, moti mlezi amayenera kuperekeza mwana aliyense. Mpingo wavomera kukumba dzenje ndi kututa mchenga mvula ikatha. Tikupempha chilolezo chanu kuti K200,000 yotsalayo igule simenti ndi zitsulo za silabu. Pa mtengo wa K23,000, ndi matumba 6 a simenti, K138,000, ndipo K62,000 ipite ku zitsulo ndi waya. Izi zikwana silabu ndi kumanga m'mphepete mwa dzenje kumtunda kokha. Makoma, denga ndi zitseko tidzabweretsa makotesheni ake atatu padera, olembedwa tsiku ndi mtengo wa dola wa tsikulo. Ngati mungakonde kuti ndalamayo ibwezedwe kapena ipite ku phala, tiuzeni polemba. Yankho likafika usanathe mwezi wa Meyi, dzenje likumbidwa mu Juni.

Ambuye akudalitseni nonse, ndipo mutiperekere moni kwa onse amene anasonkha.

Ife anu mu utumiki,
Wapampando, Mlembi ndi Msungichuma,
m'malo mwa komiti ya zomanga